Kabati ya pulasitiki ya m'bafa: zimene ndaona patatha miyezi 10

Ndinagula kabati imeneyi mu Okutobala, mvula isanayambe, ndipo ndinadikira dala kuti idutse m'dzinja lonse komanso m'nyengo ya chiperoni ndisanalembe ndemanga, chifukwa kuno ku Zomba katundu wa m'bafa amaoneka wabwino m'chilimwe, koma khalidwe lake lenileni limadziwika mu Januwale ndi Febuluwale. Ndi kabati yoyera yopachika kukhoma, ya masentimita 60 m'lifupi, ya zitseko ziwiri ndi mashelefu awiri, yopangidwa ndi pulasitiki yolimba imene pa katoni yake analemba kuti PVC. Bafa lathu ndi laling'ono, lili ndi zenera limodzi lapamwamba, ndipo timasambamo anthu asanu tsiku lililonse.

Kabati imene inalipo kale inali ya matabwa a utuchi wopanikiza ndi guluu, okutidwa ndi chipepala chonyezimira, ndipo inkakhala pansi. Madzi okolopera ndi odontha posamba ankalowera m'mphepete mwa m'munsi, pamene chipepala chija sichinafike. Utuchi ukamwa madzi umafufuma ndipo subwereranso mwakale ngakhale utauma, choncho pasanathe zaka ziwiri miyendo inatupa, misomali ya zitseko inayamba kusololoka, ndipo nditaisuntha ndinapeza kumbuyo kwake kuli bii ndi chuku, khoma nalonso lili mawangamawanga. Fungo limene tinkanamizira paipi ya zonyansa linkachokera pamenepo.

Pa vuto limeneli kabati yatsopanoyi yakhoza ndithu. Pulasitiki yake siimwa madzi, sinafufume, sinapindike, ndipo zitseko zikutsekekabe bwino monga tsiku loyamba. Ndinauza mmisiri kuti aipachike kutali ndi shawa, komanso kuti aike timphira pa zomangira zake kuti pakati pa kabati ndi matailosi patsale mpata woti chala n'kulowa. Iye anaona ngati ndikuvutitsa, koma mpata umenewo ndi umene umalola mpweya kudutsa, ndipo ndikaunika ndi tochi kumbuyoko ndimapeza kouma.

Komabe wogulitsa anandiuza kuti pa kabati imeneyi sipamera chuku, ndipo mawu amenewo ndi oona mwatheka chabe. Chuku sichidya pulasitiki, koma chimadya litsiro limene lakhala pa pulasitikiyo: thovu la sopo, mafuta odzola ndi fumbi. Mu Febuluwale, mvula itagwa mosalekeza kwa masiku angapo, ndinapeza timadontho takuda m'makona a shelefu ya m'munsi, ndendende pamene botolo la mafuta linasiya mkombero wonata. Ubwino wake ndi wakuti chinali pamwamba pokha, ndipo nditapukuta ndi kansalu ka madzi a sopo chinachoka chonse osasiya banga, zimene sizikanatheka pa kabati yakale ija.

Chimene chinandikhumudwitsa kwambiri ndi chakuti kabatiyi inalibe chiboo ngakhale chimodzi cholowera mpweya. Ndinkasungamo matawulo ochapa, opindidwa bwino, ndipo patatha milungu iwiri anayamba kununkha ngati chovala chimene chaiwalika mu ndowa. Ena mwa iwo ndinali nditawaanula masana a mitambo, ali ouma pogwira koma ozizirira m'mipendero, ndipo chinyontho chochepacho chitatsekeredwa m'bokosi la pulasitiki chinalibe kothawira. Nsalu ya thonje ikakhala yonyowa tsiku limodzi kapena awiri, chuku chimatha kuyamba, ndipo fungo limabwera mawanga asanaoneke. Tawulo limodzi loyera linachita timadontho totuwa m'mphepete. Ndinalitsuka panja, osati m'nyumba, n'kulinyika m'madzi othira jiki pang'ono monga mwa malangizo a pa botolo, kenako ndinalichapa ndi madzi otentha n'kuliyanika padzuwa tsiku lonse, ndipo linayera. La mtundu wobiriwira sindinayerekeze kulithira jiki chifukwa akanalisukulutsa. Ndinalinyika mu viniga kwa ola limodzi, fungo linatha, koma kabanga kotuwa kakadalipo mpaka lero. Pano ndichenjeze kuti jiki ndi viniga saphatikizidwa m'beseni limodzi, pakuti zikakumana zimatulutsa mpweya wa poizoni umene m'kachipinda kakang'ono ngati bafa ungathe kupweteka munthu.

Kuchokera pamenepo matawulo ochapa amakhala kuchipinda chogona, ndipo m'kabatimo mumakhala sopo, miswachi ndi mabotolo basi. Mmisiri uja anaboola timabowo 6 pansi ndi ena 6 m'mbali chakumtunda, ntchito imene sinamutengere nthawi chifukwa pulasitikiyi ndi yofewa poboola. Opanga akanayenera kuchita zimenezi okha.

Zitsulo zake nazonso si zabwino monga thupi la kabatiyo. Mahinjesi amawala ngati chitsulo chosachita dzimbiri, koma pofika mu Epulo mitu ya zomangira inali itayamba kufiira, ndipo imodzi inatsitsa mzere wa dzimbiri pa chitseko choyera. Ndinazisintha zonse ndi za chitsulo chosachita dzimbiri cha nambala 304. Amene akukagula atenge kamaginito m'thumba: ngati kakakamira zolimba, nthawi zambiri chimenecho ndi chitsulo wamba chongokutidwa, ngakhale kuti kusakakamira pakokha si umboni wokwanira wakuti chitsulocho ndi cha 304.

Pamodzi ndi kabatiyi ndinagulanso katani ya shawa ya poliyesitala ndi kadengu kansungwi kokongoletsera. Katani yachita bwino kuposa ya thonje imene tinali nayo, chifukwa imauma msanga ndipo imachapika. Inali yaitali mpaka kukhudza pansi, ndiye ndinaidula kuti ilekeze masentimita atatu pamwamba pa matailosi, ndipo ndinalamula ana kuti akatha kusamba aziitambasula yonse m'malo moikankhira kumbali imodzi, popeza chuku chimayambira m'makwinya amene madzi atsalira. Kadengu ndiye kanandigwiritsa mwala. Nsungwi zolukidwa zili ndi mipata yambirimbiri imene nsalu yopukutira siifika, ndipo pofika mu Januwale kunsi kwake kunali ubweya wotuwa mobiriwirira. Ndinakakwecha, ndinakayanika, koma chuku chinabwerera, ndipo tsopano kali pabalaza kumene kakusunga makiyi popanda vuto lililonse.

Thabwa lokhalo limene latsala m'bafamo ndi kampando ka mlombwa kamene amayi amakhalira posamba. Mlombwa umapirira chinyontho kuposa paini, komabe chuku chitayamba kunsi kwa miyendo ndinakatsuka ndi viniga, ndinakaumitsa pamthunzi wopita mphepo kwa sabata yathunthu, ndinakapala ndi sandipepa, kenako ndinakapaka vanishi katatu mbali zonse. Malo ofunika kwambiri kupaka ndi kunsi kwa miyendo, kumene thabwa linadulidwa mopingasa, chifukwa kumeneko ndi kumene limayamwa madzi ngati muzu. Kupaka vanishi pa thabwa losauma n'kutaya ndalama, popeza chinyontho chimatsekeredwa m'kati ndipo vanishiyo imachita mbuu n'kuyamba kusupuka.

Kabatiyi ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodzi ndachotsa chifukwa cha zomangira za dzimbiri ndi kusowa kwa mabowo a mpweya, zinthu ziwiri zimene ndinachita kulipira mmisiri kuti akonze. M'nyengo ya chiperoni, pamene zenera limachita thukuta m'mawa uliwonse, sindinaonemo chuku ngakhale kadontho, koma nthawi imeneyo tinali titazolowera kale kusiya zenera ndi chitseko cha bafa zotsekula kwa theka la ola munthu womaliza akasamba, ndipo mashelefu ndinkawapukuta Loweruka lililonse.