Miyezi 8 ndikudula zithunzi za ziphaso ndi ImageMagick

Mu Malichi esiteti ina ya fodya kuno ku Kasungu idandipatsa ntchito yosindikiza ziphaso za antchito 240, ambiri mwa iwo aganyu osankha fodya. Kudula chithunzi chimodzichimodzi pamanja kukadanditengera masiku, ndiye ndidaika ImageMagick, pulogalamu yaulere yomwe mumailamula polemba, ndipo imadula zithunzi zonse za mufoda nthawi imodzi. Pano ndi Novembala, ndikuigwiritsabe ntchito, koma osati mmene ndidayambira.

Chithunzi cha pasipoti chimakhala mamilimita 35 m'lifupi ndi 45 m'litali. Posindikiza pa madontho 300 pa inchi, amenewo ndi mapikiselo 413 x 531. Mutu, kuchokera pachibwano kufika paliwombo, umayenera kutenga mamilimita 32 mpaka 36. Apa ndi pomwe ndidapunthwa. Zithunzi zoyamba adajambula ndi a kapitawo pa foni yawo, 3000 x 4000, munthu akuoneka mpaka m'chiuno. Nditauza pulogalamu kuti ichepetse ndi kudula, idachita zomwezo ndendende: chithunzi chidafika pa 413 x 551, nkuchotsapo mapikiselo 20 okha. Muyezo udakwana, koma nkhope idatsala kakang'ono ngati njere ya mtedza, mlonda wa pageti sakadazindikira munthu. ImageMagick siona nkhope. Imadula pomwe mwaiuza, kaya pali mphuno kaya pali khoma.

Ndiye ndidasiya kulimbana ndi kompyuta, nkupita kukakonza kajambulidwe. Tidamata nsalu yoyera pakhoma pansi pa shedi, mpando patsogolo pake, foni pa choimikira cha miyendo itatu mita imodzi kuchokera pampando, ndipo tidalemba ndi choko pansi kuti chisasunthe. Aliyense akakhala, wojambula amangokweza kapena kutsitsa foni mpaka mphuno ikhale pakati penipeni. Pamtunda umenewo mutu unkatenga mapikiselo pafupifupi 660 pa foni yathuyo, choncho bokosi la 700 x 900 la pakati lidakwana bwino. Foni ina ipereka nambala ina; yesani ndi anthu atatu kaye.

```
magick mogrify -path zodula -auto-orient -gravity center -crop 700x900+0+0 +repage -resize 413x531 -units PixelsPerInch -density 300 *.jpg
```

Foda ya `zodula` muipange musanayambe. Ndipo `-path` musaiiwale, chifukwa popanda iyo `mogrify` imalemba pamwamba pa zithunzi zoyambirira, osafunsa. Ine zidandichitikira mu Meyi, zithunzi 31 zidapita, ndidakajambulanso anthu ali kale mkati mwa ntchito, akundiyang'ana ndi diso lofiira. `-auto-orient` nayo ndi yofunika: foni nthawi zambiri imasunga chithunzi chogona, nkungolembamo chizindikiro choti chiimikidwe poonetsa. Mukapanda kuiika, pulogalamu imadula chogonacho, munthu nkutuluka ali cham'mbali.

Vuto lomwe lidandizunguza mutu kwambiri lidadza mu Julayi. Antchito atsopano 18 adajambulidwa pampando womwewo, foni yomweyo, koma mitu idatulukanso yaing'ono. Ndidaganiza kuti wina wasuntha choko. Ayi ndithu, a kapitawo adatumiza pa WhatsApp ngati zithunzi wamba, ndipo zidafika zitachepetsedwa kukhala 1200 x 1600. Bokosi la 700 x 900 pa chithunzi chotere limameza chifuwa chonse. Chizindikiro chake n'chosavuta: `magick identify *.jpg` imaonetsa kukula kwa chithunzi chilichonse, ndipo chomwe si 3000 x 4000, kapena 4000 x 3000 ngati foni idachisunga chogona, ndimachibweza. Ndidawauza kuti, “Bambo, muzitumiza ngati `Document`, kapena mubwere nayo foniyo tikopere ndi chingwe.” Amadandaula za bando, koma amatero.

Chomwe sichinatheke mpaka lero ndi maduku. Amayi akamanga duku lalitali, bokosi limadula nsonga yake. Pachiphaso cha pantchito si mlandu, koma ena sakondwa nazo, ndipo sindingauze mayi wamkulu kuti avule duku chifukwa cha pulogalamu yanga. Amenewa ndimawaika mufoda yawo, nkuwadula ndi 770 x 990, womwe ndi muyezo womwewo koma wotakasuka. Anthu owerama kapena opendeketsa mutu ndimawadula pamanja. Pa anthu 50 alionse sapitirira anayi kapena asanu.

Ndisanasindikize ndimayala zithunzi zonse patsamba limodzi ndi `magick montage`, khumi pamzere. Mutu womwe wakwera kapena watsika umaonekera pomwepo pakati pa anzake, ndipo kuuona apo n'kotchipa kusiyana ndi kuuona khadi la pulasitiki litatuluka kale m'makina. Mwezi wamawa akulemba aganyu odzala, ndipo ndapempha kuti pamalo pa choko tipake penti, chifukwa mvula ikayamba shedi ija imadontha.