Ndemanga: anandiwerengera mtengo wonse wa sola ndi zaka zobweza ndalama

Nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndinatumiza zithunzi ziwiri za pafoni kwa katswiri wina wa sola amene sagulitsa katundu, amangowerengera anthu pamalipiro ochepa. Chimodzi chinali kotesheni ya wogulitsa, china uthenga wa mayunitsi amene ndinagula mwezi umenewo.

Kotesheni inali ya K9,500,000: mapanelo 6 a 550W, inveta ya 5kVA ndi batire la lithiyamu la 5kWh. Bamboyu anaona msanga kuti mawaya, mabuleka, zitsulo zomangirira mapanelo padenga, thiransipoti ndi ndalama ya amisiri sizinalembedwe. Nditakafunsa kwa wogulitsa, zimenezi zinakwana K1,300,000. Mtengo weniweni unafika K10,800,000.

Pa bilu m'pamene ndinakhutira nawo kwambiri. Ine ndimaganiza zongogawa mtengo wa sola ndi K60,000 imene ndimagulira mayunitsi 400 pamwezi. Iwo anati ayi, sola sidzachotsa bilu yonse. Mapanelo a 3.3kW angapereke mayunitsi pafupifupi 12 patsiku ladzuwa, koma batire likadzadza masana pakhomo palibe anthu, otsalawo amangopita pachabe. Usiku batire limangopereka mayunitsi 4 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kuka ndi giza ziyenera kutsala ku magetsi a nthawi zonse. Anayerekeza kuti ndizipulumutsa mayunitsi 260, omwe pa K150 iliyonse ndi K39,000 pamwezi, K468,000 pachaka. Ndiye kuti zaka 23! Batire likhala litatha kale, ndagula lina.

Ndinatsala pang'ono kuzisiya, koma anandifunsa chinthu chimene pa bilu sichioneka: magetsi akathima mumatani? Kwathu tinkaliza jenereta chifukwa cha mafiliji a nkhuku zogulitsa, ndipo petulo amadya K120,000 pamwezi. Ataphatikiza ziwirizi zinakwana K159,000 pamwezi, K1,908,000 pachaka, ndipo ndalama yonse imabwerera pasanathe zaka 6. Ananena mosabisa kuti kwa munthu amene alibe jenereta, ndipo akungofuna kuchepetsa bilu, sola ya batire yamtengo umenewu singamubwezere ndalama msanga.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa izi. Anawerengera ndi bilu ya mwezi umodzi basi, chonsecho mu June ndi July kumachita mitambo, mapanelo amapereka zochepa pomwe giza ikudya kwambiri. Akanapempha mauthenga a miyezi ingapo. Chiwongoladzanja cha ngongole sanachiwerengerenso mpaka nditawakumbutsa, pamene theka la ndalamayo ndinakongola ku banki mkhonde, ndipo chimenecho chimatalikitsa zaka zobweza.

Sola tinaika. Mayunitsi ogula atsika kufika pafupifupi 150 pamwezi, kufupi ndi 140 amene iwo ananena, ndipo jenereta sitikuilizanso. Mukamatumiza zithunzi zanu, jambulani kotesheni yonse mpaka mizere yam'munsi yonena za msonkho ndi waranti ya batire, komanso onetsetsani kuti pa uthenga wa mayunitsi pakuoneka kWh, osati ndalama yokha.