Tchati cha pakhoma, manotsi a fotokope kapena buku: chogula pophunzira nyuroni ndi maselo a giliya

Anzanga a chaka choyamba mwandifunsa mokwanira kuti mugule chiti pakati pa tchati, manotsi ndi buku, ena mpaka kundiimitsa pa depoti ku Salima ndili ndi katundu m'manja. Ndiyankhe kamodzi pano. Zitatu zonsezi ndazigwiritsapo ntchito, ndipo chimodzi mwa izo ndili nacho mangawa, ndiye muziwerenga mukudziwa zimenezo.

Zoti nyuroni, selo lonyamula mauthenga m'thupi, ili ndi thupi la selo, madendiraiti olandira uthenga ndi akisoni imodzi yotumiza uthengawo, zonse zitatu zimanena bwinobwino. Pamenepo palibe mpikisano. Pa kupepuka, tchati ndi manotsi zapambana, chifukwa buku limadula phewa. Pa mtengo manotsi ndiye otchipa. Zinthu zimasiyana mukafika pa funso limodzi ili: amakutira akisoni ndi chokuta chamafuta chotchedwa mayelini ndani, ndipo amachitira kuti?

Tchati changa ndinachigula ku Lilongwe kwa munthu woyala mabuku pansi, pa ndalama yoti ndikanakwerera minibasi kupita ndi kubwera. Nditafika kunyumba ndinaona kuti pepala lake silingalimbe ndi chinyontho cha kunyanja kuno, ndiye ndinalipiranso kuti achikute ndi pulasitiki. Chinali chokongola, mayi anga mpaka ankaonetsa alendo. Pakati pake panali nyuroni imodzi yaikulu, akisoni yake itavala timikanda tachikasu, ndipo muvi wake unalemba kuti amenewa ndi maselo a Schwann. Pambali anajambula ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana. Dzina loti oligodendirosaiti panalibe paliponse. Ndinachiyang'ana miyezi itatu ndikamagona, mutu wanga n'kukhazikika kuti mayelini yense m'thupi ndi ntchito ya Schwann.

Pa mayeso anafunsa chifukwa chake mtsempha wa mauthenga wa m'dzanja ukaduka umatha kumeranso pomwe wa mumsana sumera. Ine, poona kuti mumsana mulibe Schwann, ndinalemba kuti mulibenso mayelini. Aphunzitsi anazunguliza ndi cholembera chofiira n'kulemba pambali kuti, "Nanga mbali yoyera ya ubongo ikuyera ndi chiyani?" Funso lonselo linapita.

Tchaticho sichinaname kwenikweni, chinangonena theka. Mayelini amapangidwa ndi maselo a mitundu iwiri. Kunja kwa ubongo ndi msana, m'manja, m'miyendo ndi kwina konse, ndi maselo a Schwann. Selo limodzi limadzikulunga kambirimbiri pa kachigawo kamodzi ka akisoni imodzi, kotalika mwina milimita imodzi, ngati mmene timakulungira mphira pa chigwiriro cha mpeni. Mkati mwa ubongo ndi mumsana ntchitoyi ndi ya oligodendirosaiti, lomwe limakhala pakati n'kutambasula mikono, selo limodzi kukuta zigawo za maakisoni ambiri, mpaka 40 kapena 50. Pakati pa chigawo ndi chinzake pamatsala kampata kopanda chokuta, kotchedwa mfundo ya Ranvier, ndipo uthenga umadumpha kuchoka pa mfundo kukafika pa inzake. N'chifukwa chake mu akisoni yaikulu yokutidwa umathamanga mpaka mamita 120 pa sekondi, pomwe mu yaing'ono yosakutidwa sudutsa mamita 2. Chondipweteka n'chakuti nyuroni ya pa tchati ija, yoyendetsa minofu, imakhudzidwa ndi maselo onse awiri. Thupi lake lili mumsana, kachigawo koyamba ka akisoni kamakutidwa ndi oligodendirosaiti, ndipo ikangotuluka kunja Schwann amalandira.

Izi zinandilowa bwino chifukwa cha malume anga, asodzi a ku Senga Bay. Mpeni unawaterereka akutumbula kampango n'kuwacheka pamkono pafupi ndi chikhatho, mbali ya kachala kakang'ono. Magazi analeka, koma kachalako ndi theka la chala choyandikana nacho zinachita dzanzi, ndipo ankalephera kutambasula zala kapena kupana pepala pakati pa zala ziwiri. Unali mtsempha wa ulina. Madokotala atausoka, malume anandifunsa kuti, "Iwe mphwanga, ukuphunzira zimenezi, dzanjali libwerera liti?"

Yankho ndinakalipeza m'buku, osati pakhoma. Akisoni ikaduka, mbali yomwe yalekana ndi thupi la selo imafa n'kuphwanyika m'masiku ochepa, zomwe Augustus Waller anazilongosola mu 1850 ataziona pa achule. Koma maselo a Schwann a mbali imeneyo safa. Amathandiza kusesa zinyalala za mayelini, amachulukana, n'kufola mzere mkati mwa kapaipi kakale kuti akisoni yomera kuchokera kumtunda itsate njira. Imamera pafupifupi milimita imodzi pa tsiku. Ndinayeza ndi tepi ya atelala, kuchoka pa chipsera kufika kunsonga ya kachala panali masentimita 15. Amenewo ndi masiku 150, kuwonjezapo milungu ingapo yoyambirira yomwe sikumera kalikonse, ndiye ndinawauza kuti ayembekezere miyezi ngati 6. Mwezi uliwonse ndinkagogoda ndi chala changa motsatira mtsemphawo, ndipo pomwe ankamva kunyerenyetsa ngati magetsi panali pomwe nsonga zomera zafika. Malo amenewo akamasunthira kuzala ndiye kuti zikuyenda. Akangoima pa chipsera mwezi ndi mwezi, bwererani kuchipatala msanga, chifukwa minofu ikakhala yopanda mtsempha chaka n'kupitirira imafota osadzukanso. Malume kumva kunabwerera, ngakhale mphamvu ya zala sinafike pakale, ndipo ukonde amasoka pang'onopang'ono.

Mumsana zimayenda mwina. Oligodendirosaiti safola mzere uja, mayelini wake ali ndi mapuloteni oletsa akisoni kumera, zinyalala zimachedwa kuchoka, ndipo maselo a asitirosaiti amamanga chipsera pa balapo. Ndiye wa kabaza amene waduka mtsempha wa mumsana sitimuwerengera mamilimita ngati malume.

Manotsi a fotokope aja ali ndi mayina onse 6 a maselo a giliya, othandiza nyuroni: asitirosaiti, oligodendirosaiti, maikirogiliya ndi ependima mkati, Schwann ndi satelaiti kunja. Usiku woti mawa mayeso amathandiza. Koma akopedwa kambiri moti chithunzi cha nyuroni chinasanduka banga lakuda, ndipo selo lililonse analipatsa mzere umodzi. Munthu umaloweza kuti maikirogiliya amadya tizilombo, ependima amayala m'mphako za ubongo momwe muli madzi, koma akakutembenuzira funso umangoti kakasi.

Buku ndi lodula, komanso la ku laibulale amalimbirana. Langa ndi lakale, ndinagula kwa mchemwali wina amene anamaliza, tsamba loyamba kulibe. Koma ndi lokhalo lomwe linandiuza kuti kachilombo ka khate kamalowa m'maselo a Schwann, n'chifukwa chake wodwala khate amakhala ndi zigamba zadzanzi pakhungu ndi mtsempha wotupa womwe umamveka kuseri kwa chigongono. Ndi lokhalonso lomwe linandichenjeza kuti mtsempha wa diso, ngakhale uli kunja kwa ubongo pooneka, umakutidwa ndi oligodendirosaiti, ndiye ukaduka sumera. Funso limeneli aphunzitsi amalikonda kwambiri.

Ndiye mukandifunsa, gulani buku, ngakhale lothothoka, olo musonkherane atatu. Manotsi bwerekani, musagule. Tchati mukachifuna ndithu, musanatulutse ndalama funani dzina la oligodendirosaiti, likasowa chisiyeni pomwepo. Changa chija mayi anachichotsa pakhoma, pano amayanikirapo usipa.