Google Earth Pro posiyanitsa tauni yeniyeni ndi yongokopera: nyenyezi zinayi mwa zisanu

Pulogalamu ya pakompyuta imeneyi ndi yaulere kuyambira 2015, ndipo ndakhala ndikuigwiritsa ntchito pa chinthu chimodzi: kutsimikiza ngati chithunzi chinajambulidwa pamalo enieni kapena pamalo omangidwa mongotengera. Ntchitoyi imaigwira bwino, bola mudziwe chofunika kuyang'ana. Nyumba zimene zili pakati pa chithunzi si umboni ayi, chifukwa omanga anathera ndalama zawo pomwepo kuti zifanane. Umboni uli pa zimene womanga sangathe kusamutsa, monga phiri, kukula kwa nyanja ndi dzuwa.

Chitsanzo chabwino ndi Hallstatt, kamudzi ka m'mphepete mwa nyanja ku Austria. Mu 2012 kampani ya China Minmetals inatsegula mudzi wokopera kamudzika ku Boluo, m'dera la Huizhou, m'chigawo cha Guangdong ku China. Anakopera bwalo la msika, nyumba zopaka utoto wowala, ngakhalenso tchalitchi chansanja yosongoka chimene chimaoneka pa zithunzi zambiri. Munthu akajambula pafupi, osalowetsa thambo, maso okha angakunamizeni.

Choyamba kuchita ndi kulemba Hallstatt pa Search, kuika chizindikiro pa Terrain m'bokosi la Layers, kenako kupendeketsa chithunzi pogwira Shift ndi kabatani ka muvi mpaka muone ngati munthu woima pansi. Musanatero lowani ku Tools, Options, 3D View, muonetsetse kuti Elevation Exaggeration ili pa 1. Ikakhala pa 2 kapena 3 mapiri amatalika mopitirira, ndiye mzere wa mapiri sugwirizana ndi chithunzi chanu ngakhale malo ali olondola. Apa m'pamene pulogalamuyi imandisangalatsa zedi. Mukamayendetsa mausi, mzere wa pansi umaonetsa kukwera kwa malo. Nyanja ya Hallstatt ili pa mamita 508 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe nsanja ya Rudolfsturm, imene ili pamwamba pa mudziwo, ili pa mamita pafupifupi 855. Phiri limanyamuka kuseri kwenikweni kwa madenga, n'chifukwa chake nyumba zinasanjikizana m'mphepete mwake. Ngati chithunzi chikuonetsa nsanja ya tchalitchi ndipo kuseri kwake kuli thambo lambiri ndi timapiri tating'ono tobiriwira, si Austria imeneyo.

Nyanja nayo imayezeka. Tsegulani Tools, Ruler, musankhe Line, mudine gombe lina ndi linzake. Ya ku Austria ndi yaitali makilomita angapo, tsidya lake kuli mapiri ena. Ya ku Boluo ndi dziwe lokumba, ndipo mukaliona kuchokera kumwamba mumapeza misewu ndi mizere ya nyumba zogulitsa zitalizungulira.

Pa dzuwa ndimatherapo nthawi yambiri, chifukwa umboni wake sutsutsika. Pulogalamuyi imasonyeza pansi pomwepo kuti Hallstatt ili pa madigiri pafupifupi 47.6 kumpoto kwa ikweta, pomwe Boluo ili pa madigiri pafupifupi 23. Tsiku limene dzuwa limakwera kwambiri ku Hallstatt, chakumapeto kwa Juni, masana limangofika madigiri pafupifupi 66. Tanthauzo lake n'lakuti mtengo woongoka wa mita imodzi sungakhale ndi mthunzi wofupika kuposa masentimita 44, tsiku lililonse pachaka. Ku Boluo nyengo yomweyo dzuwa limafika paliwombo, mthunzi n'kungotsala kuphazi. Ndiye pezani mzati wa getsi kapena chikwangwani pa chithunzi, muyeze kutalika kwake ndi kwa mthunzi wake. Mzati ukakhala masentimita 10 pa sikirini, mthunzi wake n'kukhala sentimita imodzi kapena awiri, chithunzicho sichinajambulidwe ku Austria.

Pali misampha iwiri pamenepa. Mthunzi umene ukulowera kutali ndi kamera kapena kubwera kwa wojambula umaoneka waufupi kuposa mmene ulili, choncho sankhani wogona chopingasa, pamalo athyathyathya. Wachiwiri ndi wakuti umboniwu umagwira mbali imodzi yokha. Mthunzi waufupi umachotsa Austria, koma wautali sutsimikiza kanthu, pakuti m'mawa ndi madzulo mithunzi ndi yaitali kulikonse. Kabatani ka dzuwa ka m'pulogalamuyi kamaonetsa mmene kuwala kumagwera pamapiri, koma pa miyezo yotere sindikadalira, ndimawerengera ndekha.

Mbali ina yamphamvu ndi View, Historical Imagery, imene imakubwezani ku zithunzi za setilaiti za zaka zam'mbuyo. Tauni yeniyeni imasintha pang'onopang'ono: denga limodzi latsopano apa, msewu wokonzedwa apo. Yokopera imatumphuka nthawi imodzi. Chithunzi china mumaona thengo kapena dothi lofiira logumulidwa, chotsatira mudzi wonse waima ndi madenga a msinkhu umodzi.

Malo ojambulira mafilimu ndi osavuta kuwazindikira kuchokera kumwamba. Misewu yambiri ya kumeneko ndi nkhope za nyumba chabe. Kutsogolo mumaona sitolo yansanjika zitatu, koma mukayeza ndi Ruler kuchoka kukhoma lakutsogolo kupita kumbuyo mumapeza mamita ochepa okha, kuseri kuli zitsulo kapena matabwa ochirikiza, nthawi zina popanda denga n'komwe. Chapafupi pamakhala nyumba zikuluzikulu zonga mosungira katundu, zopanda mawindo. M'mapaki a zosangalatsa chinyengo chake n'china. Pa Main Street ku Disneyland nsanjika zapamwamba anazimanga zocheperapo kuposa yapansi kuti nyumba zioneke zazitali. Izi setilaiti sikuonetsani, muyenera kubwerera pachithunzi chanu n'kuyerekeza mawindo. Akamachepa msanga pokwera, kuposa mmene mtunda ungawachepetsere, mwapeza chizindikiro. Chimene setilaiti imaonetsa bwino ndi mpanda, geti limodzi lolowera, ndi bwalo lalikulu loimikapo magalimoto pambali pa kamudzi kooneka kakale.

Nyenyezi yachisanu ndaichotsa pa zifukwa ziwiri. Ku China mizere ya misewu imatha kuphonyana ndi chithunzi cha setilaiti ndi mamita mazana angapo, chifukwa dzikolo limalamula kuti mapu azigwiritsa ntchito muyezo wake wotchedwa GCJ-02. Chochita ndi kuchotsa chizindikiro pa Roads n'kudalira chithunzi cha setilaiti chokha. Komanso Street View kumeneko kulibe m'malo ambiri, ndiye simungayende mumsewu wa mudzi wokoperawo n'kuuyerekeza ndi weniweni khomo ndi khomo.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti zinthu zing'onozing'ono za pansi sizioneka kuchokera kumwamba, pamene nthawi zina ndizo zimamaliza mlandu. Galimoto ikalowa m'chithunzi, kulitsani pa nambala yake. Ya ku Austria ndi yoyera, ili ndi kachigawo kabuluu kumanzere kokhala ndi chilembo A, ndipo za m'boma la Gmunden, mmene muli Hallstatt, zimayamba ndi GM. Za ku Huizhou zimayamba ndi 粤L, zambiri ndi zabuluu, ndipo za magalimoto oyendera magetsi ndi zobiriwira. Zomera nazo zimaulula: mgwalangwa wobzalidwa pansi kapena masamba akuluakulu a kumalo otentha sizigwirizana ndi phiri limene kumagwa chipale chofewa chaka ndi chaka. Zimenezi muyenera kuzifufuza pa chithunzi chenichenicho, mutachikulitsa pa sikirini yaikulu, osati pa foni.