Nyenyezi ziwiri basi, ndipo imodziyo ndi ya magetsi owalawala apa kesi

Kompyuta ya magemu iyi ndagwiritsa ntchito miyezi inayi, ndinagula pa intaneti kwa ogulitsa ena ake ndili kuno ku Joni. Pa chithunzi inali bho heve, kesi ya galasi, mafani atatu osinthasintha mitundu, ndiye malembawo akuluakulu eti Core i7, RTX 3060, 16GB RAM, 600W. Ine ndinangoona i7 ndi RTX mtima pha, ndalama ndatumiza tsiku lomwelo osafunsa kanthu.

Masabata oyamba ndimangosewera ka mpira, vuto panalibe. Nditaika gemu yolemera ya mipikisano ya magalimoto ndi pomwe zinayamba, ukasewera mphindi 15 kapena 20 makina thii kuzima, kenaka kuyaka okha ngati palibe chachitika. Poyamba ndimati ndi magetsi, si tinazolowera, koma babu ali chiyakire, filiji ikulira bwinobwino. Mphwanga amene amakonza makompyuta anabwera ndi sikuludiraiva nkutsegula kumbuyo, anangoyang'ana pawa sapulayi nkuyamba kuseka, akuti achimwene apa anakuonani.

Kabokosiko kalibe dzina lodziwika, kopepuka ngati chitini chopanda kanthu, pamwamba analembadi 600W. Koma pa sitika pali timizere ta manambala, ndipo pansi pa +12V panalembedwa 20A. Anandiuza kuti chulukitsani 12 ndi 20, ndiye kuti mawati 240 okha, ndipo purosesa ndi khadi ya magirafiki zonse zimadya ku 12V komweko, 600 ija anangophatikiza ndi za 5V ndi 3.3V nkuonjezera bodza pamwamba. RTX 3060 payokha imatha kukoka mawati 170, purosesa yanga 84, mwaona tapitirira kale 240 tisanawerenge mafani ndi zowalazo. Gemu yopepuka khadi siigwira ntchito kwambiri ndiye zimayenda, ikangolimba kabokosi kamatopa nkudula. Chinandiopsa kwambiri ndi chingwe, pawa sapulayiyo ilibe pulagi ya mapini 8 ya khadi, anachita kulumikiza ndi kaadaputa kuchoka ku mapulagi oyera akale aja, ndipo pulasitiki yake inali itayamba kuda ndi kutentha. Akanakhala mawati enieni bwenzi pa 12V pali maampu 45 kapena kuposa.

Ndiye i7 ija. Tinatsegula Task Manager, kupita pa Performance, pa CPU pakuoneka i7-4790. Manambala akakhala anayi chonchi, yoyamba pambuyo pa kamzereko ndi m'badwo wake, 4 ndiye kuti m'badwo wachinayi, purosesa ya 2014 anthuni, makoo anayi basi. Sananame kuti ndi i7, angobisa zaka zake. i3-12100 ya 2022, yomwe ine ndikanainyoza poona 3 yo, imaithamanga iyi kutali. Komanso Windows 11 mwalamulo imayambira pa m'badwo wachi 8, pano anangoikakamiza. Chowawa nchoti purosesa yakale imabwera ndi abale ake, mazabodi yakale ndi ramu ya DDR3, ukafuna kusintha purosesa yokha sizitheka, umagula zitatu zonse pakamodzi. Mu gemu umaona khadi ikungogwira theka purosesa ili pa 100%, chithunzi chikudukaduka mukalowa m'tauni modzaza magalimoto.

Khadinso ili ndi kake. RTX 3060 ilipo ya 12GB ndi ya 8GB, dzina limodzi koma ya 8GB njira yake ya memore ndi yopapatiza, GPU-Z pa Bus Width inaonetsa 128 bit pomwe ya 12GB ndi 192 bit. Ine mavidiyo onse amene ndinaonera ndisanagule anali a ya 12GB. Pa malonda paja sanalembe ma GB a khadi, a ramu okha ndi amene anawakuza.

Nditawaimbira ogulitsa aja anati zonse zomwe tinalemba zilimo bwana, ndipo nzoona zilimo, nchifukwa chake sindinathe kubweza. Za pawa sapulayi anati waranti inali ya miyezi itatu, yatha.

Zabwino zake, kesi ndi yokongoladi, mpweya umalowa bwino, ndipo khadiyo ngakhale ili ya 8GB si yabodza, ikugwira. Ndagula pawa sapulayi ina ya mawati 550 yokhala ndi chingwe chake cha mapini 8, kuzima kuja kunatheratu. Mnzanga wa kuntchito amafuna kugula yomweyi sabata yatha, ndinamuuza awapemphe nambala yonse ya purosesa, ma GB a khadi ndi chithunzi cha sitika ya pawa sapulayi. Anawalembera Lachiwiri, uthenga anauwerenga, mpaka lero zii.