Mnzanu akatuluka, mumulipira bwanji?

Madokotala atatu ali ndi chipatala chimodzi, ndipo mmodzi akufuna kutuluka. Pangano la mgwirizano wawo lingamulipire m'njira ziwiri.

Yoyamba ndi kuwerenga za m'mabuku zokha: ndalama zomwe anaikamo ndi phindu lake lomwe sanatape. Ngati anaika magawo 30 pa 100 a mpamba, amatenga omwewo ndi phindu lakelo, basi. Njirayi ndi yachangu, koma imam'pondereza munthu amene wakhala zaka 15 akukopa odwala, poti mbiri yabwino ya chipatalacho simalembedwa m'mabuku.

Yachiwiri imaikanso mtengo pa mbiriyo, mwina phindu la pachaka kuchulukitsa kawiri. Wotulukayo amakondwa, koma otsalawo amalipira chinthu chomwe chingawathawe: odwala amatsata dokotala wawo, satsata chikwangwani. Apa mpamene ndimayang'anitsitsa ndikamawerenga pangano. Kodi likumuletsa kutsegula chipatala pafupi kwa nthawi yotchulidwa? Ngati ayi, am'lipira mbiriyo, iye n'kupita nayonso.

Ine ndimakonda yachiwiri, bola malipiro agawidwe m'zaka zitatu. Ndiponso pakhale mawu oti otsalawo apitiriza ntchito, chifukwa m'malamulo ambiri, pangano likakhala chete, mmodzi akangopereka chidziwitso choti akutuluka, mgwirizano wonse umatha.