Nyenyezi zitatu: seva yabwino, koma imakudulani mukangoti zii mphindi zisanu

Ndakhala ndikuchita lendi malo pa seva ya kampani ina yosunga masamba a pa intaneti kwa miyezi isanu ndi iwiri tsopano, pa pulani yawo yogawana ndi makasitomala ena, yomwe ili ndi PHP ndi MySQL 5.7. Pa nkhani ya liwiro sindingawanamizire. Masamba amatseguka msanga, makope a deta amasunga usiku uliwonse, ndipo tsiku lina nditafufuta tebulo molakwitsa anandibwezera tsiku lomwelo. Nyenyezi ziwiri ndachotsa chifukwa cha vuto limodzi lomwe linandidyera pafupifupi sabata ziwiri, pomwe akanangolemba manambala awiri patsamba lawo lofotokoza za pulaniyi ndikanalithetsa madzulo amodzi.

Ndili ndi kapulogalamu komwe kamayenda usiku. Kamatsegula detabesi, kuwerenga mndandanda wa katundu, kukatenga mafayilo ofotokoza za katunduyo pa seva ya kampani yomwe imatigulitsa, kenako n'kulemba zonse m'tebulo. Pa kompyuta yanga kanayenda miyezi popanda chovuta. Nditakasamutsira kuno, kankayamba bwinobwino, kuyenda mphindi zingapo, kenako n'kufa ndi uthenga uwu:

```
SQLSTATE[HY000]: General error: 2006 MySQL server has gone away
```

Mawuwa amasocheretsa, chifukwa munthu umaganiza kuti seva yagwa. Inenso ndinaganiza choncho, moti ndinalembera othandiza makasitomala uthenga waukali ndithu. Anandiyankha patapita maola anayi kuti seva yawo ili bwino, ndionenso pulogalamu yanga. Zinandiwawa, koma sankanama. Lamulo la `SHOW GLOBAL STATUS LIKE 'Uptime';` limaonetsa masekondi omwe apita chiyatsireni MySQL, ndipo nambala yomwe ndinaona inali ya masiku oposa makumi anayi. Seva sinapite kulikonse. Chomwe chinkafa chinali chingwe changa chokha cholumikizana nayo, ndipo inkachidula dala.

Nditazindikira zimenezi ndinayamba kulemba nthawi pa sitepe iliyonse ya kapulogalamuko. Usiku woyamba kanafa patatha mphindi 7, wachiwiri patatha mphindi 11, wachitatu sikanafe konse. Ndikawerenga kuchokera pomwe kayambira, manambalawa sankagwirizana. Koma nditawerenga kuchokera pa funso lomaliza lomwe kanatumiza ku detabesi kufika pa funso lomwe kanafera, chithunzi chinaoneka. Nthawi zonse mpatawo unali wopitirira mphindi zisanu. Usiku womwe seva ya otigulitsa inkayankha mwaulesi, kapulogalamu kanga kankakhala kakudikira mafayilo osanena kanthu ku MySQL, ndipo pobwerera kankapeza chitseko chatsekedwa.

Chomwe chimalamula zimenezi ndi `wait_timeout`, masekondi omwe seva imalola kuti wolumikizidwa akhale chete isanamudule. MySQL imabwera ndi 28800, omwe ndi maola asanu ndi atatu. Ndiye ndinalowa ndi pulogalamu ya `mysql` ija yolembamo malamulo pamanja, n'kufunsa `SHOW VARIABLES LIKE 'wait_timeout';`. Yankho linali 28800. Ndinakhulupirira, n'kutaya masiku atatu ndikufufuza kwina.

Msampha wake ndi uwu, ndipo ndikuufotokoza bwino chifukwa ngakhale othandiza makasitomala anakodwa nawo, ananditumizira chithunzi cha 28800 yemweyo. Pali nambala ina yotchedwa `interactive_timeout`, ya anthu omwe akulemba malamulo pamanja. Mukalowa ndi `mysql`, seva imatenga nambala imeneyo n'kuyiika m'malo mwa `wait_timeout` ya ulendo wanu wokhawo. Choncho chomwe mukuonacho si chomwe pulogalamu yanu ya PHP imalandira. Kuti muone zenizeni muwonjezere liwu loti `GLOBAL`:

```
SHOW GLOBAL VARIABLES WHERE Variable_name IN ('interactive_timeout', 'wait_timeout');

interactive_timeout   28800
wait_timeout          300
```

Masekondi 300, mphindi zisanu zija. Pofuna kutsimikiza ndinalemba kafayilo ka mizere inayi: kulumikiza, `sleep(290)`, kenako `SELECT 1`. Zinatheka. Nditasintha kukhala `sleep(310)`, uthenga uja unatuluka nthawi yomweyo, ndipo ndinabwereza kasanu ukutulukabe. Kugonako kuchitikire mu PHP, osati ndi `SELECT SLEEP(310)`, chifukwa pamenepo seva imakhala ikugwira ntchito yanu ndipo sikuwerengerani kuti muli chete.

Kutsitsa nambalayi pa seva yogawana sindikukutsutsa. Pali mapulogalamu ambiri omwe amatsegula chingwe osatseka, ndipo akanawasiya maola asanu ndi atatu malo olumikizira akanatha, tonse n'kuvutika. Chomwe chikundidandaulitsa n'chakuti sanalembe paliponse. Komanso MySQL 5.7 yomwe akugwiritsabe ntchito sinena chifukwa chomwe yakudulirani. Kuyambira 8.0.24 seva imayesetsa kunena poyera, ndi nambala 4031, kuti yakudulani chifukwa chokhala chete. Kukanakhala kuti asamukira kumeneko ndemanga ino bwenzi ili yaifupi.

Mwamwayi mbali iyi munthu angaikonze yekha. Aliyense amaloledwa kukweza nambalayi pa ulendo wake, potumiza `SET SESSION wait_timeout = 3600;` akangolumikiza. Ndinachita zimenezo usiku womwewo kuti ndigone. Pambuyo pake ndinakonza mwadongosolo: kapulogalamuko tsopano kamawerenga mndandanda n'kutseka chingwe, kukatenga mafayilo, kenako kutsegula chatsopano polemba. Njira yongolumikizanso uthenga ukatuluka ndinaiyesa n'kuisiya. Chingwe chikaduka, zonse zomwe munazilemba koma musanazitsimikize ndi `COMMIT` zimabwezedwa m'mbuyo, matebulo ongoyembekezera amafufutika, ndipo pulogalamu ikangopitiriza ngati palibe chachitika mumatsala ndi deta yatheka osadziwa.

Panapita masiku asanu ndi anayi zili phee. Kenako m'mawa wina ndinapeza uthenga uja wabweranso, mawu omwewo, nambala yomweyo ya 2006. Ndinaganiza kuti atsitsanso nthawi ija, koma zolemba zanga zinaonetsa kuti chingwecho chinali chitangotsegulidwa masekondi awiri m'mbuyomo. Nditayendetsanso, kanafera pa katundu yemweyo. Kachitatu, pomwepo. Apa ndi pomwe ndinaphunzira kusiyanitsa matenda awiriwa. Ngati kufako kukutsata wotchi, ndipo funso lililonse ngakhale `SELECT 1` likufa pakapita kanthawi kachete, vuto ndi nthawi. Ngati kukutsata mzere umodzi wa deta, kaya mwaufikira msanga kaya mochedwa, yang'anani kukula kwa chomwe mukutumiza.

Malire a kukulako ndi `max_allowed_packet`, ndipo kuno ali pa 4194304, mamegabayiti anayi, omwe MySQL 5.7 imabwera nawo. Mu 8.0 anawakweza kufika 64. Fayilo yomwe inkandipha inali PDF ya mabayiti pafupifupi 3,200,000, yosafika pa malirewo, ndiye poyamba ndinakana kuti ndi imeneyo. Ndinali nditayiwala kuti kapulogalamu kanga kamasandutsa fayilo kukhala `base64` kasanatumize, ndipo kusandutsako kumaikulitsa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mabayiti 3,200,000 amakhala pafupifupi 4,267,000, kupitirira malire ndi pang'ono chabe. Seva siyeza fayilo yanu, imayeza lamulo lonse la `INSERT` monga likubwerera. N'chifukwa chake lamulo limodzi lonyamula mizere ing'onoing'ono masauzande nalonso likhoza kugunda khoma lomweli.

Mwina mungafunse chifukwa chomwe seva sinangonena kuti paketi yakula. Uthenga wake ulipo, nambala 1153, `Got a packet bigger than 'max_allowed_packet' bytes`, ndipo ndinauona kamodzi. Koma seva ikaona kuti paketi yakula imatseka chingwe pomwepo, pomwe pulogalamu yanu ikadali mkati motumiza, moti kawirikawiri chomwe imamva ndi chakuti kwinako kulibenso munthu.

Apa ndiye pomwe pulaniyi inandimanga manja. `SET SESSION` pa nambala iyi imakana, imati ndi yongowerenga, mugwiritse ntchito `SET GLOBAL`. Mukayesa `SET GLOBAL` imakuuzani kuti mulibe chilolezo cha `SUPER`, chomwe kasitomala wa seva yogawana sangapatsidwe. Ndinawapempha kuti akweze kufika mamegabayiti 16 okha. Yankho linali laulemu koma lachidule: pa pulani iyi sasinthira munthu m'modzi, ndikafuna ndikwere pa pulani ya seva yangayanga. Ndikumvetsa, popeza kusinthako kukanakhudza aliyense wa pa sevayo. Komabe mamegabayiti anayi masiku ano ndi umbombo.

Sindinakwere. Mafayilo ndinawachotsa m'detabesi n'kuwasunga mufoda, m'tebulo mungotsala dzina la fayilo ndi pomwe ili. Kunena chilungamo ndi momwe ndinayenera kuchitira kuyambira pachiyambi, ndipo makope a detabesi anachepa kwambiri kukula. Mizere ya katundu ndimaitumiza mazana awiri pa lamulo limodzi. Yemwe akufuna kusamutsira kuno detabesi yokhala kale ndi zithunzi kapena mafayilo mkati ayambe wafunsa `SELECT MAX(LENGTH(dzina_la_danga)) FROM dzina_la_tebulo;` pa tebulo lake, chifukwa mzere umodzi wokha woposa malirewo udzaimitsa kulowetsa konse pakati panjira, ndipo kuudula sikutheka monga momwe mungadulire gulu la mizere.

Chinanso chomwe chinachedwetsa kufufuza n'chakuti makasitomala saloledwa kuona fayilo yomwe MySQL imalembamo zolakwika. M'menemo, seva ikaikidwa kuti izilemba mwatsatanetsatane, mumapezeka mzere woyamba ndi `Aborted connection` wonena ngati chingwe chaduka chifukwa cha nthawi kapena paketi. Nditapempha kuti andionere, wothandiza wachitatu, yemwe ankaoneka kuti ntchito amaidziwa, ananditumizira mizere iwiri yomwe inatsimikizira zonse ziwiri. Awiri oyamba aja sanaganizeko zoyang'anamo.

Kwa munthu wa tsamba wamba, lomwe limatsegula detabesi, kuyankha mlendo n'kutseka pasanathe sekondi, malire awiriwa sadzawamva n'komwe, ndipo pulaniyi imuyenera. Ngati muli ndi ntchito zoyenda nthawi yaitali, monga kutumiza makalata ambirimbiri kapena kukatenga deta kwina, kapena mumasunga mafayilo m'matebulo, afunseni manambala a `GLOBAL` a `wait_timeout` ndi `max_allowed_packet` musanalipire. Ine ndikhalabe mpaka chaka chomwe ndinalipira chithe. Ndawalembera kawiri kuti ayike manambalawa patsamba la pulani, ndipo pomwe ndimayang'ana dzulo anali asanawayikebe.